Nyimbo imene imayenda m'kati mwa mneni

Tengani cholembera mulembe chiganizo ichi: Ndimathandiza mayi kumunda. Mukapatsa anthu awiri kuti awerenge mokweza, mwina mumva zinthu ziwiri zosiyana. Wina anena kuti kuthandiza mayi ndi chizolowezi chake cha masiku onse. Winayo anena kuti n'zimene amachita posachedwapa, mwina m'mawa uja, ndiye chifukwa chake wachedwa. Zilembo n'zimodzimodzi, palibe chimene chawonjezeredwa kapena kuchotsedwa. Chasintha ndi malo amene liwu lakwera.

Chichewa chili ndi makwerero awiri okha a liwu: phatikizo limanenedwa mokweza kapena motsitsa. Kukweza kumene tikunena pano si kufuula ayi, koma kukwera kwa liwu ngati mmene zimakhalira poimba. Kalembedwe kathu ka tsiku ndi tsiku sikaonetsa zimenezi, choncho m'nkhani ino ndiika kamzere pamwamba pa lembo la liwu pamene liwu lakwera, monga amachitira akatswiri a ziyankhulo.

Mawu ena amabadwa ndi kamvekedwe kawokawo. Mténgo wokwera pa -te- ndi uja wa m'nkhalango, pamene mtengo wotsika ponseponse ndi uja timanenerera pamsika. Ndi wotsika ndi wa m'chiganizo chakuti "uyu ndi mwana", koma ndí wokwera ndi wa "nsima ndí ndiwo". Mawu awiriawiri otere alipo ochepa m'Chichewa, ndipo kawirikawiri nkhani yokha imatiuza tanthauzo. Ntchito yaikulu ya kamvekedwe ili mwa aneni, ndipo ndi pamenepo pofunika kukhazikika.

Tibwerere ku chiganizo chija. Mneni wake ali ndi maphatikizo asanu: ndi-ma-tha-ndi-za. Tsinde lakuti thandiza lilibe liwu lokwera lakelake. Mukalamula munthu kuti "thandiza", maphatikizo onse atatu amatsika. Ndiye kukwera kulikonse kumene tikumva kwabwera ndi nthawi ya mneni. Ponena za chizolowezi timati ndímathandíza: liwu limakwera pa phatikizo loyamba, kenaka pa lachiwiri kuchokera kumapeto. Ponena za zimene zimachitika posachedwapa timati ndimathándiza: liwu limakwera kamodzi kokha, pa phatikizo lotsatira -ma-.

Chosangalatsa n'chakuti nyimbo ziwirizi siziwerenga malo mofanana. Ya chizolowezi imawerenga kuchokera kumapeto kwa mawu. Talikitsani mneniyo muone: ndímathandíza, tímathandizána, ndímafotokóza, ndímafotokozéra. Nthawi iliyonse tsinde likatalika, kukwera kwachiwiri kumasamuka kuti kukhalebe pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Nyimbo inayo ilibe nazo ntchito za kumapeto. Iyo imangoyang'ana chimene chabwera pambuyo pa -ma-, kaya n'chiyani. Mukalowetsapo -mu- woimira munthu amene akuthandizidwa, kukwera kumachoka pa -tha- n'kukhala pa iyeyo: ndimamúthandiza. Zimenezi zikutiuza kuti liwu lokwera si katundu wa -tha- kapena wa -ndi-. Ndi la nthawi ya mneni, ndipo limayalidwa pamwamba pa mawu aliwonse amene abwera, aatali kapena aafupi.

Nthawi zina za mneni zili ndi nyimbo zawonso. Ndathandiza amatsika yense. Ndináthandiza, wa kale, amakwera pa -na- weniweniyo, pamene ndinathándiza, wa posachedwa, amakankhira kukwerako kutsogolo. Ngakhale mawu akuti sabata yatha ali pawiri: yatha wotsika akutiuza kuti sabatayo yafika kumapeto, koma yátha wokwera poyamba ndi uja timanena tikamakumbutsana za sabata ya m'mbuyomu.

Liwu lokwera likapeza malo ake, silikhala phee nthawi zonse. M'kayankhulidwe ka madera ambiri limatayikira pa phatikizo lotsatira. Kufótokoza amamveka kufótókoza, ndipo ndináthandiza amamveka ndináthándiza. Koma kutayikirako kuli ndi malire ake. Kumangoyenda phatikizo limodzi, ndipo sikulowa m'maphatikizo awiri omaliza pamene woyankhula akupumira. Nenani kugúla n'kuima pomwepo: -la amatsika. Nenani kugúlá nyama osapumira pakati: tsopano -la wakwera, chifukwa salinso kumapeto. Jonni Kanerva, m'buku lake la 1990 lofufuza Chichewa cha ku Nkhotakota, anagwiritsa ntchito zizindikiro zotere poonetsa pamene woyankhula amagawa chiganizo chake. Madera amasiyana pa kutayikiraku, ndipo n'chimodzi mwa zinthu zimene zimachititsa kuti munthu akangotsegula pakamwa, ena adziwe kuti si wa kwawo, ngakhale mawu onse amene wanena ali odziwika.

Pali lamulo lina limene limagwira ntchito mosemphana ndi kutayikira. Aneni ochepa, monga goná ndi pezá, ali ndi liwu lokwera lawolawo pa phatikizo lomaliza. Ikani ku- patsogolo pa goná. Ku- ameneyu amaika liwu lokwera pa phatikizo lotsatira, choncho -go- akwera, ndipo -na anali wokwera kale. Tikadayembekeza kumva onse awiri atakwera, koma pamapeto pa chiganizo timamva kugóna. Maliwu awiri okwera ochokera kosiyana akagundana chonchi, lachiwiri limagonja. Lamuloli limapezeka m'ziyankhulo zambiri za Chibantu, ndipo limatchedwa ndi dzina la A. E. Meeussen, katswiri wa ku Belgium. Zotsatira zake n'zakuti kugóna ndi kugúla amamveka mofanana, ngakhale goná ndi gula ali osiyana. Kuti mudziwe gulu la mneni, muyeseni pomulamula.

Munthu wofuna kumva zimenezi ndi khutu lake amakumana ndi msampha umodzi. Popumira, phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika, ndipo ambiri, makamaka alendo ophunzira Chichewa, amatenga kutalikako ngati kukwera. N'chifukwa chake mlendo amakweza phatikizo limenelo pa mawu aliwonse, mpaka mtengo wa sopo umamveka ngati wa m'nkhalango. Kutalikako kumasinthanso nyimbo: mténgo akakhala komaliza, liwu limayamba pamwamba n'kutsetsereka m'kati mwa -te- momwemo, ndipo nyumbá, wokwera kumapeto, amabweza kukwerako m'mbuyo kotero kuti -nyu- amamveka akukwera. Njira yabwino ndi kuika mawu amene mukuyesa pakati pa chiganizo, ndi mawu ena pambuyo pake, kenaka kuwang'ung'udza mutatseka pakamwa kapena kuwaimba mluzu. Zilembo zikachoka, nyimbo imatsala yokha.

Kulemba kamvekedwe ka Chichewa si kwachilendo. Mark Hanna Watkins, m'buku lake la galamala la 1937, anaika zizindikiro za kukwera kwa liwu pomvetsera Kamuzu Banda, amene panthawiyo anali wophunzira ku Chicago. Al Mtenje wa ku Yunivesite ya Malawi wafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, ndipo mu 2017 anatulutsa buku la kamvekedwe ka Chichewa pamodzi ndi Laura Downing. Ine sindikuona kuti tiyenera kudzaza manyuzipepala ndi timizere, makamaka poti madera amasiyana pa kutayikira. Koma mlembi amene akudziwa kuti ndimathandiza ali pawiri amawonjezera "masiku onse" kapena "m'mawa uja" pafupi ndi mneniyo, kuti wowerenga nkhani pa wailesi kapena wowerenga m'tchalitchi asafike pakati pa chiganizo atayamba kale ndi nyimbo yolakwika.