Komishoni ikavuta, kalata isonyeze njira yonse ya ndalama

Kampani ina ya ku Blantyre, tiyerekeze, imapanga ndowa, mabeseni ndi mipando yapulasitiki. Ili ndi ejenti amene amayenda m'mashopu a ku Ntcheu, Balaka ndi Liwonde kusaka maoda. Anagwirizana kuti azilandira komishoni ya 5 peresenti. M'mwezi wa Meyi bamboyu wagulitsa katundu wa K11,650,000, ndipo powerengera pa foni yake wapeza kuti yake ndi K582,500. Tsiku la malipiro litafika, mu akaunti mwake mwangolowa K260,000. Usiku womwewo watumiza uthenga ku ofesi: "Bwana, ndalama yanga yapita kuti? Ngati mwayamba kutidyera masuku pamutu mungonena."

Yankho loyamba limene a ku ofesi ambiri amalemba limakhala lotere: "Tafufuza dandaulo lanu ndipo tapeza kuti komishoni yanu inawerengedwa molondola malinga ndi mgwirizano. Nkhaniyi yatha." M'mawu amenewa mwina mulibe bodza, koma mulibenso chimene munthu angagwire. Ejenti ali ndi nambala yake, ofesi ili ndi yake, ndipo pakati pa ziwirizi pali K322,500 imene palibe waifotokoza. Munthu amene wayenda mwezi wathunthu pa minibasi ndi pa kabaza sangakhutire ndi mawu oti "molondola". Aganiza kuti wina wadya, ndipo nkhaniyo ifika m'makutu mwa maejenti anzake dzuwa lisanalowe.

Kukonza kalata imeneyi si kuithira shuga ayi. Ndi kuilembanso kuti ichoke pa nambala ya ejentiyo n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka kufika pa ndalama imene walandira. Ndikunena nambala ya ejenti, osati ya ofesi, ndipo apa m'pamene makalata ambiri amasokonekera. Wolemba akayambira pa K8,000,000, imene ndi nambala yoona yowerengerapo komishoni, ejenti saizindikira chifukwa m'buku lake mulibe. Asiya kuwerenga pa mzere woyamba. Koma akaona K11,650,000 yake pamwamba, adziwa kuti amumva, ndipo atsatira.

Musanalembe, ikani patebulo mgwirizano, mainvoisi a mweziwo, mapepala a katundu wobwezedwa, sitetimenti ya ku banki ndi pamene ejenti anasainira ndalama ya adivansi. Mgwirizano wa m'chitsanzo chathu ukuti komishoni imawerengedwa pa ndalama zimene ogula alipira pofika tsiku lomaliza la mwezi, msonkho wa VAT utachotsedwa. Si makampani onse amene amatero. Ena amapereka komishoni invoisi ikangotuluka. N'chifukwa chake kalata iyenera kutchula ndime ya mgwirizano imene yaimapo, osangoti "malinga ndi malamulo a kampani".

Thunthu la kalata yokonzedwayo lingaoneke motere:

"Okondedwa Bambo, talandira uthenga wanu wokhudza komishoni ya Meyi. Mukunena zoona kuti mainvoisi anu onse akukwana K11,650,000, ndipo 5 peresenti ya ndalama imeneyi ndi K582,500. Taonani mmene tachokera pamenepo kufika pa K260,000.

Mainvoisi onse a Meyi: K11,650,000.
Kuchotsa mipando imene shopu ya ku Ntcheu inabweza pa 19 Meyi: K699,000. Zatsala K10,951,000.
Kuchotsa invoisi ya shopu ya ku Liwonde imene sinalipidwe pofika pa 31 Meyi: K1,631,000. Zatsala K9,320,000.
Kuchotsa VAT: K9,320,000 kugawa ndi 1.165 ndi K8,000,000.
Komishoni ya 5 peresenti pa K8,000,000: K400,000.
Kuchotsa msonkho wa 20 peresenti wopita ku MRA: K80,000. Zatsala K320,000.
Kuchotsa adivansi imene munatenga pa 8 Meyi: K60,000. Zatsala K260,000."

Taonani kuti mzere uliwonse ukuchita chinthu chimodzi chokha, ndipo ukusiya chotsala. Ejenti angathe kutenga foni yake n'kumadina limodzi ndi kalatayo. Akasiyana nayo, adziwa mzere umene asiyanirana, ndipo mkangano uchoka pa "mwandibera" n'kufika pa "invoisi ya ku Liwonde ija inalipidwa". Mkangano wachiwiriwu umatha ndi pepala limodzi.

Mzere wa VAT ndi umene umafuna mawu ambiri, chifukwa umazunguza ngakhale a ku ofesi omwe. Ejenti amaona kuti wogula walipira K1,165 pa beseni, ndiye amati wagulitsa cha K1,165. Koma pa ndalama imeneyi kampani yake ndi K1,000 basi. K165 yotsalayo kampani imangoitolera boma n'kukaipereka ku MRA. Sinakhalepo ya kampani, choncho mgwirizano wathu suiwerengera komishoni. Chitsanzo cha beseni limodzichi muchiike m'kalatamo, chifukwa munthu amamva msanga pa K1,165 kusiyana ndi pa mamiliyoni. Pano ndagwiritsa ntchito VAT ya 16.5 peresenti, mlingo umene Amalawi tinauzolowera kwa zaka zambiri. Polemba kalata yanu tengani mlingo umene walembedwa pa invoisi ya mwezi umene mukukambirana.

Pali msampha pochotsa VAT imene ili kale m'kati mwa mtengo. Ambiri amangochotsa 16.5 peresenti pa ndalama yonse. Akatero pa K9,320,000 amapeza K7,782,200, ndipo komishoni imatsika kufika pa K389,110. Ejenti wamanidwa K10,890 popanda wofuna kumubera. Cholakwika n'chakuti 16.5 peresenti ija inawonjezedwa pa mtengo wopanda msonkho, osati pa mtengo wonse, ndiye pobwerera m'mbuyo timagawa ndi 1.165. Kudziyesa n'kosavuta: tengani yankho lanu muchulukitse ndi 1.165. Likapanda kukubwezerani K9,320,000, mwaphonya. Kalata ikabisa sitepe imeneyi, cholakwika chotere chingathe chaka chikubwerezedwa mwezi ndi mwezi popanda wochiona.

Manambala paokha sakwanira. Ejenti akaona zochotsachotsa zisanu, zonse zimaoneka ngati ndalama yotayika, pamene sizili choncho. Kalata yabwino imamuuza za ndalama iliyonse kuti yapita, ikudikira, kapena yasungidwa m'dzina lake. Komishoni ya mipando yobwezedwa ija yapita, chifukwa malondawo sanachitike. Ya ku Liwonde sinapite: mwini shopu akalipira, ejenti adzalandira 5 peresenti ya K1,400,000, imene ndi K70,000 msonkho usanadulidwe. Nambala imeneyi ilembedwe poyera pamodzi ndi mwezi umene idzatuluke. Munthu akadziwa kuti ku Liwonde kuli K70,000 yake, mawa lomwe adzakhala pakhomo pa shopuyo kukumbutsa ngongole, ndipo kampani nayo ipindula.

K80,000 ya msonkho ndi imene imapweteka kwambiri, ndipo ndi imene maejenti ambiri amaganiza kuti yatsala m'thumba mwa akauntanti. Lamulo limafuna kuti wolipira komishoni adule msonkho asanapereke ndalamayo, n'kuutumiza ku MRA m'dzina la wolandirayo. Choncho kalata inene kuti ejenti apatsidwa satifiketi yosonyeza msonkho umene wadulidwa, ndipo itchule tsiku. Pepala limenelo ndi umboni wake akamakonza za misonkho yake. Ofesi imene imadula msonkho koma osapereka satifiketi isadabwe anthu akamaikayikira, ndipo ine ndimaona kuti amakhala ndi chifukwa chomveka.

Dongosolo la mizere iwiri yomaliza nalonso ndi lofunika. Msonkho ukudulidwa pa K400,000 yonse, kenako n'kuchotsa adivansi. Adivansi ndi gawo la komishoni yomweyo limene munthu analandiriratu lisanadulidwe msonkho. Wina akayamba n'kuchotsa adivansi, msonkho utuluka K68,000, ndipo mabuku a kampani asiyana ndi zimene zinayenera kupita ku boma.

Pakatha masamu, onjezani ndime imene imayankha funso lenileni la ejenti, loti K322,500 yapita kuti. Pa komishoni imene iye ankayembekezera, K34,950 inali ya mipando yobwezedwa, K81,550 inali ya invoisi ya ku Liwonde, K66,000 inali ya VAT ya katundu wolipidwa, K80,000 ndi msonkho, K60,000 ndi adivansi. Mukaphatikiza zisanuzi zikukwana K322,500 ndendende. Zikapanda kukwana musatumize kalatayo, chifukwa pali chimene inuyo simunachimvetse.

Mawu ake akhale aulemu koma osanyengerera. Chotsani "monga mukudziwa kale" ndi "tinakuuzani", chifukwa amamveka ngati mukumunena kuti ndi wogontha. Musayankhe za masuku pamutu zija. Munthu analemba atapsa mtima, ndipo manambala akamveka adzachita yekha manyazi. Musalonjeze kuti "tiona chochita" ngati palibe chimene mudzachite. Ndipo ngati kalata ipita pa foni, tumizani ngati chikalata kapena chithunzi chooneka bwino, pamodzi ndi mainvoisi amene mwatchula, kuti mizere isasokonekere.

Kumapeto kwa kalata musiye khomo lotseguka, koma lenileni: "Ngati muli ndi lisiti kapena umboni wina wosiyana ndi mzere uliwonse pamwambapa, tumizani pofika pa 14 Juni ndipo tidzawerengeranso." Izi si mwambo chabe. Tinene kuti ejenti wathu, ataona dzina la Liwonde, wakumbuka kuti mwini shopu uja anaikako K233,000 ku banki pa 30 Meyi, ndipo ali ndi chithunzi cha silipi. Ndalamayo inalowa popanda nambala ya invoisi, ndiye a ku ofesi sanadziwe mwini wake. Zoterezi zimachitika kawirikawiri kumene ogula amalipira pang'onopang'ono. Masamu ake ndi omwe aja: K233,000 kugawa ndi 1.165 ndi K200,000, komishoni yake K10,000, msonkho K2,000, ejenti alandire K8,000 yowonjezera, ndipo imene ikudikira ku Liwonde itsike kufika pa K60,000. Kalata ya mizere iwiri ija sikanatulutsa silipi imeneyi.

Alipo mabwana amene amaopa kuonetsa masamu onse, amati ejenti akadziwa zambiri adzavuta. Ine ndikuona kuti amavuta ndi amene sakudziwa, chifukwa amakangana pa chilichonse. Malire ake alipo ndithu: ngati mgwirizano sunanene za VAT kapena za katundu wobwezedwa, palibe masamu amene angatseke dzenje limenelo. Pamenepo kalata ivomere kuti mgwirizano uli chete, anthu akhale pansi agwirizane, ndipo zimene agwirizanazo zilembedwe n'kusainidwa mwezi wina usanathe.

Inu amene mumalipira maejenti, musadikire dandaulo. Mizere isanu ndi iwiri ija muziitumiza limodzi ndi malipiro mwezi uliwonse. Nanunso maejenti, sungani buku la maoda, zithunzi za masilipi ndi kope la mgwirizano wanu, ndipo ndalama ikaperewera pemphani kuti akulembereni masamu ake mzere ndi mzere.