Kuchotsa Kuwomba M'manja pa Nkhani Yojambulidwa

Mwajambula munthu akukamba nkhani pa siteji ndipo mukufuna kuyiulutsa pa wailesi, koma yadzaza kuseka ndi kuwomba m'manja. Mu pulogalamu yaulere ya Audacity, phokoso la pakati pa ziganizo silivuta. Wolankhula akaima masekondi 6 kudikira anthu atonthole, dulani gawolo, musiye mpata wa theka la sekondi. Mumpatamo musaikemo chete weniweni, chifukwa khutu limazindikira msanga kuti padulidwa. Koperani kaphokoso ka m'holoyo pamalo pomwe aliyense anali duu, mukaike pamenepo, kenako musalaze m'mphepete ndi Crossfade Clips.

Mutu umakula pamene anthu akuseka wolankhula asanamalize mawu. Ambiri amathamangira Noise Reduction, koma iyo inapangidwira phokoso losasintha, monga kulira kwa fani. Kuseka ndi mawu a anthu, ndiye mukakakamiza, wolankhulayo amamveka ngati ali m'madzi. Ndi bwino kuchotsa chiganizo chonsecho ngati tanthauzo silisokonekera. Apo ayi, kusekako kusiyeni. Ulendo wina, jambulani mawu a maikolofoni ya wolankhula molunjika kuchokera pa mikisa.