Makwerero Akamatsetsereka, Nsonga Imatsika Mofulumira Bwanji?

Makwerero aatali mamita 5 atsamira khoma. Phazi la makwererowo layamba kutsetsereka, ndipo likutalikira khomalo ndi liwiro la mamita 0.4 pa sekondi. Kodi nsonga yake ikutsika mofulumira bwanji pa nthawi yomwe phazi lili mamita 3 kuchokera pakhoma?

Ophunzira a chaka choyamba kuyunivesite amakumana ndi mafunso otere m'phunziro la kakyulasi, masamu owerengera mmene zinthu zimasinthira. Pamakhala zinthu ziwiri zomangirirana: china chikasuntha, chinzake sichingakhale chete. Liwiro la chimodzi mwapatsidwa, la chinacho mulipeze nokha. Ambiri masamu ake amawadziwa ndithu, chimawagwetsa n'kusokoneza ndondomeko.

Yambani ndi kujambula. Khoma, nthaka ndi makwerero zikupanga thirayango yokhala ndi ngodya ya madigiri 90. Mtunda wa pakati pa khoma ndi phazi utcheni x, ndipo wochokera pansi kufika pansonga utcheni y. Pachithunzipo nambala yoyenera kulembedwa ndi 5 yokha, chifukwa makwerero satalika kapena kufupika. Chilichonse chomwe chikusintha chipatseni chilembo, osati nambala.

Kenaka lembani zimene mukudziwa ndi zimene mukufuna. Liwiro lomwe x ikusinthira limalembedwa dx/dt, kalembedwe kochokera kwa Gottfried Leibniz, yemwe anasindikiza ntchito yake ya kakyulasi mu 1684. Chilembo cha t chikuimira nthawi. Mukudziwa kuti dx/dt = 0.4, ndipo mukufuna dy/dt pamene x = 3.

Chachitatu, pezani ikwezhoni yomangirira x ndi y, yomwe ndi yoona nthawi zonse makwerero akuyenda. Apa lamulo la Pythagoras ndilo lithandiza: x² + y² = 25.

Chachinayi ndiye mtima wa nkhani: kudifarenshiyeta mbali zonse ziwiri potengera nthawi, kutanthauza kupeza liwiro lomwe mbali iliyonse ikusinthira. Poti x imasintha ndi nthawi, x² simangopereka 2x yokha ayi. Muyenera kuichulukitsa ndi dx/dt. Ili ndi lamulo lomwe m'kalasi amati cheni rulu. N'chimodzimodzinso ndi y². Koma 25 sasintha, choncho apereka 0:

2x(dx/dt) + 2y(dy/dt) = 0

Tsopano, osati kale, ndi pomwe manambala alowe. Ngati x = 3, ndiye kuti y² = 16, kotero y = 4. Mukawaika mupeza 2(3)(0.4) + 2(4)(dy/dt) = 0, kapena kuti 2.4 + 8(dy/dt) = 0. Yankho ndi dy/dt = −0.3. Nsonga ikutsika ndi mamita 0.3 pa sekondi. Mayinasiyo musamuope kapena kumufufuta: akungonena kuti y ikuchepa. Mukanapeza yankho lopanda mayinasi, bwenzi mukunena kuti nsonga ikukwera khoma phazi likuthawa, zomwe sizingatheke.

Cholakwika chofala kwambiri ndi kuthamangira kulowetsa 3 musanadifarenshiyete. Wophunzira amalemba 9 + y² = 25, nadifarenshiyeta, napeza 2y(dy/dt) = 0, ngati kuti nsonga yaima nji. Chachitika n'chakuti waumitsa x, naisandutsa nambala yosasintha, ndipo liwiro la 0.4 lasowa polowera. Chizindikiro chake n'chomwecho: liwiro lomwe munapatsidwa mufunso likapanda kugwira ntchito pena paliponse, bwererani m'mbuyo. Ena amaiwala cheni rulu n'kulemba 2x + 2y = 0. Ikanimo 3 ndi 4 muone: zikutuluka kuti 14 = 0.

Ikwezhoni yomweyi ikuwonetsanso chinthu chomwe maso sangachigwire msanga. Ngakhale phazi likuyenda ndi liwiro limodzi, nsonga imanka iwonjezera liwiro. Phazi likafika mamita 4, nsonga imakhala pa mamita 3 ndipo imatsika pafupifupi mamita 0.53 pa sekondi. Likafika mamita 4.8, nsonga imakhala pa mamita 1.4, ndipo liwiro limafika pafupifupi 1.37. Chifukwa chake chili mu dy/dt = −(x/y)(dx/dt): tikugawa ndi y, ndipo y ikamayandikira 0, yankho limakula mopanda malire.

Makwerero enieni sangafike pamenepo. Phazi likamakokedwa ndi liwiro losasintha, imafika nthawi yoti nsonga siingathe kugwa mofulumira motero, ndiye imalekana ndi khoma. Ikatero thirayango ija yaphwasuka, ndipo x² + y² = 25 yasiya kukhala yoona. N'chifukwa chake posankha ikwezhoni pa sitepe yachitatu muzidzifunsanso kuti idzakhala yoona mpaka pati.