Nambala zakale zovala tsiku latsopano

M'makampani ambiri, bwana akamafika mamawa amapeza matchati a malonda a dzulo atakonzedwa kale pa dashibodi. Palibe amene wachezera usiku. Ntchitoyi yagwiridwa ndi kapulogalamu ka Python, komwe kamadzutsidwa ndi cron kudzera mu mzere uwu:

```
0 6 * * * python3 /home/malonda/lipoti.py
```

Tsiku lililonse 6 koloko m'mawa, kamafunsa detabesi m'chinenero cha SQL, kujambula matchati ndi matplotlib, kenako n'kufufuta akale poika atsopano.

Ngozi ili pofufutapo. Tiyerekeze kuti malisiti a dzulo sanalowe m'detabesi chifukwa netiweki inaduka usiku. Funso la SQL silidandaula, limangobweza mizere 0. Kapulogalamuko kamajambula tchati chopanda kanthu n'kupha nacho chabwino chija, bwana n'kuyesa kuti dzulo sitolo sinagulitse kalikonse.

Wolemba wosamala amakauza kuti kayambe kawerenga mizere, ikapanda kubwera kaime osakhudza chilichonse. Tchati chatsopano kalembe kaye pa fayilo yongoyembekezera, ndipo chikatha bwinobwino kasinthanitse ndi `os.replace`, kuti wotsegula dashibodi asapeze chithunzi chatheka.

Inu owerenga dashibodi, pemphani kuti pakona pazilembedwa tsiku la lisiti lomaliza kulowa, osati nthawi imene tchaticho chinajambulidwa.