Silinda wa pa bolodi ndi waya wofupika: funso logawanitsa aphunzitsi

Mayeso akamayandikira m'makoleji, ophunzira fizikisi a chaka choyamba amakhamukira ku lamulo la fulakisi poti limafupikitsa masamu. Limati fulakisi yonse yotuluka pa malo otsekeka mbali zonse ndi chaji ya mkatimo kugawa ndi ε₀, nambala yomwe ndi 8.85 × 10⁻¹². Chimene chautsa mkangano pa koleji ina ndi pomwe lamuloli limalekera kuthandiza.

M'kalasi ina tidapeza mtsikana wa chaka choyamba ali pa bolodi, manja ali mbuu ndi choko. Funso lidali la waya wowongoka, wautali kwambiri, wokhala ndi chaji ya 1 × 10⁻⁸ C pa mita iliyonse. Iye sadathamangire masamu. Adayamba wajambula wayayo n'kufunsa anzake kuti fildi ingaloze kuti. Poti wayayo amaoneka chimodzimodzi ukamuzungulira, komanso ukasendera kumtunda kapena kumunsi kwake, fildi ilibe chifukwa chopendekekera mbali imodzi. Imangochoka pa waya molunjika ngati masipoko a njinga, ndipo mphamvu yake imadalira mtunda wokha, r.

Atatero ndiye adajambula silinda wongoyerekeza kukuta wayayo, wotalika L. Pa zivindikiro ziwiri za silindayo fildi imangodutsa m'mbali osaboola, choncho fulakisi palibe. Pa khoma lozungulira fildi imaboola molunjika, ndipo ndi yofanana paliponse. Apa adalemba pang'onopang'ono:

E × 2πrL = λL / ε₀

L adafafanizika mbali zonse, n'kutsala E = λ / (2πε₀r), pomwe λ ndi chaji ya pa mita. Pa mtunda wa masentimita 10 yankho lidatuluka pafupifupi 1,800 V/m, ndipo pa masentimita 20 lidatsika kufika 900. Mtunda ukawirikiza kawiri, fildi imatsala theka.

Nkhani idavuta mphunzitsi atasintha chinthu chimodzi chokha: wayayo akhale wa masentimita 20, muyeze pa masentimita 10 kuchokera pakati pake. Mnyamata wina wa kumbuyo adayankha msanga kuti ndi 1,800 yomweyo.

"Aphunzitsi, paja mudati lamuloli limagwira pa malo otsekeka alionse. Nanga ndalakwa pati?" adafunsa.

Mbali ina ya mawu ake ndi yoona. Lamulolo silinama, ndipo fulakisi yonse ya pa silinda wake ikadali chaji ya mkati kugawa ndi ε₀. Chimene chatayika ndi simetire. Waya wamfupi ali ndi nsonga, ndipo ukayandikira nsongazo fildi imapendekera kunja. Ina imaboola zivindikiro, ndipo pa khoma siikhalanso yofanana, kotero sungaitenge E ngati nambala imodzi yochulukitsa ndi 2πrL. Ukaduladula wayayo m'tizidutswa n'kuphatikiza fildi ya kachidutswa kalikonse, yankho limakhala pafupifupi 1,270 V/m. Kusiyana kumeneku si kochepa.

Aphunzitsi awiri amene tidacheza nawo sagwirizana za momwe angachongere yankho lotere. Mmodzi akuti mnyamatayo asapatsidwe malikisi ngakhale amodzi, chifukwa ntchito yeniyeni ndi kutsimikiza simetire, masamu otsatirawo ndi a mizere iwiri basi. Mnzake akuti vuto lili pa kaphunzitsidwe: ana amaloweza zinthu zitatu, mpira, waya wopanda mathero ndi chipepala chotambalala, osauzidwa kuti waya wopanda mathero kulibe. Iye amafuna kuti wophunzira azidzifunsa kuti mtunda wake ndi wochepa bwanji poyerekeza ndi kutalika kwa waya. Ukakhala pafupi kwambiri ndi pakati, fomula ija imagwira bwino. Ukapita kutali, wayayo amaoneka ngati kadontho, ndipo mtunda ukawirikiza kawiri fildi imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi.

Kwa ife wachiwiriyu wakhudza penipeni, ngakhale woyambayo sadalakwe kuumirira kuti simetire ilembedwe masamu asadayambe. Kulakwitsa kwina kochokera pomwepa n'kuganiza kuti fulakisi ikakhala ziro ndiye kuti fildi palibe. Chaji ikakhala kunja kwa silinda, fildi imalowa mbali ina n'kutulukira ina: fulakisi yonse ziro, koma fildiyo ilipo ndithu.

Ambiri mwa ophunzirawa ali ndi silinda weniweni kunyumba. Chingwe cha eriyo ya TV chili ndi waya pakati ndi ukonde wachitsulo womukuta. Ziwirizi zikakhala ndi chaji yofanana kukula koma yotsutsana, fildi imakhala pakati pa waya ndi ukondewo, ndipo kunja kwa chingwe imatsala pafupifupi ziro.