Menyu ya pa foni ya mabatani imafuna seva yosaiwala

Aliyense amene anayimbapo *211# kapena *444# potumiza ndalama anagwiritsapo ntchito USSD. Njirayi siifuna intaneti kapena bando, n'chifukwa chake imatheka ngakhale pa kafoni ka mabatani. Koma wopanga menyu yotere amalimbana ndi zinthu ziwiri: malo ochepa ndi nthawi yochepa.

Tiyerekeze kuti gulu la banki m'khonde likufuna kuti mamembala azibweza ngongole pa foni. Mayi wina akayimba nambala ya gululo, kampani ya foni imatsegula sesheni, kutanthauza kukambirana kumodzi kuyambira poyimba mpaka pomaliza. Makampani olumikiza monga Africa's Talking amatumiza ku seva ya gulu nambala ya foni, chizindikiro cha sesheniyo chotchedwa sessionId, ndi zimene mayiyo wadina. Seva imayankha motere:

```
CON 1. Onani ngongole
2. Bwezani ngongole
```

Mawu akuti CON amauza netiweki kuti nkhani ikupitirira, pomwe END amatseka sesheni. Tsamba limodzi silipitirira zilembo 182, choncho mawu athu ataliatali a Chichewa ayenera kusankhidwa mosamala.

Foniyo payokha sikumbukira kanthu. Mayi akasankha 2 kenako n'kulemba 5000, seva imalandira 2*5000, ndipo iyenera kudziwa yokha kuti tsopano yafika pofunsa chitsimikizo. Ambiri amasunga pomwe munthu wafika mu Redis, nkhokwe yachangu imene imafufuta yokha zosungidwa nthawi yoikika ikakwana.

Vuto lalikulu ndi kutha kwa nthawi. Seva ikachedwa kuyankha kwa masekondi angapo, netiweki imadula. Mayi naye akachedwa, mwina akufunafuna kabuku ka gulu, sesheni imafa. Malire ake amasiyana malinga ndi kampani ya foni, koma sesheni yonse imangokhala ya mphindi zochepa. Akayimbanso amapatsidwa sessionId yatsopano, ndiye ngati zonse zinasungidwa pa chizindikiro chakalecho, ayambiranso pachiyambi.

Mankhwala ake ndi kusunga pomwe wafika pa nambala yake ya foni, kwa mphindi ngati 5. Akabwerera, menyu imufunse ngati akufuna kupitiriza kubweza K5,000 ija kapena kuyambiranso. Nambala yachinsinsi yokha isasungidwe, ailembenso.

Palinso ngozi yolipira kawiri. Sesheni ikaduka mayi atangotsimikiza, sadziwa ngati ndalama zapita, ndipo amabwereza. Choncho malipiro aliwonse akhale ndi nambala yakeyake, seva izikana kuwachita kachiwiri. Komanso isadikire kuti ndalama zidutse isanayankhe: itseke msanga ndi END, zotsatira zibwere pa uthenga wapafoni.

Wopanga menyu aziwerenga tsamba limene masesheni ambiri akufera. Tsambalo ndiye lofunika kulifupikitsa.