Kalata yonenerera mtengo wa zipinda za msonkhano

Bungwe likamakonza msonkhano waukulu, limalembera kalata kampani yoyendetsa alendo kuti ilipezere malo ogona pamtengo wa gulu. Kampaniyo ndi mkhalapakati: imadziwana ndi mahotela, ndipo phindu lake limachokera pa kuchuluka kwa zipinda zomwe yadzaza. Nchifukwa chake kalata yabwino imayamba ndi manambala.

Tiyerekeze kuti nthumwi 200 zikukakumana ku Mangochi. Nthumwi 100 zigona payekhapayekha, zina 100 zigona ziwiriziwiri, ndiye kuti zipinda ndi 150. Msonkhano ukakhala wogona katatu, hotela ikugulitsa chipinda maulendo 450, ndipo nambala imeneyi ndiyo mphamvu ya wolemba kalata. Imalembedwa m'ndime yoyamba, pamodzi ndi tsiku lofika ndi lonyamuka. Ngati mtengo wamasiku onse ndi K200,000 pa usiku, wolemba amatchula mtengo womwe akufuna, monga K170,000. Kungolemba kuti “mutiganizireko” n'kupereka mpata woti akuchotsereni pang'ono chabe. Pempholi likatheka, bungwe lapulumutsa K13,500,000.

Koma pamene ambiri amagwa m'mbuna si pamtengo. Ndi pa zipinda zosungitsa zomwe eni ake sanabwere. Pamsonkhano waukulu sipalephera nthumwi zodwala kapena zomwe ofesi yawo yalephera kuzitumiza. Zipinda 30 zikakhala zopanda anthu usiku utatu, mgwirizano n'kukhala woti zilipiridwe ndithu, bungwe limataya K15,300,000, kuposa zonse zomwe linapulumutsa ponenerera. Choncho kalata imapempha tsiku lomaliza lobweza zipinda popanda chindapusa, mwina masiku 30 msonkhano usanayambe. Imapemphanso kuti tsikulo likadutsa, bungwe liloledwebe kuchepetsa zipinda ndi 10 pa 100 zilizonse, zomwe pano ndi zipinda 15.

Kalata imafunsanso zomwe zili mkati mwa mtengowo: kodi chakudya cham'mawa, msonkho wa VAT ndi wa zokopa alendo zawerengedwa kale? Yankho likangotchula mtengo osanena za misonkho, nthawi zambiri imadzaonekera pa bilu. Nkhani ya ndalama yolipirira nayonso njosalumpha. Mu 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo yemwe anagwirizana mtengo wa madola koma akulipira makwacha anaona ngongole yake itatupa. Wolemba amapempha kuti mtengo ulembedwe m'makwacha ndipo usasinthe dipoziti ikaperekedwa.

Kumapeto amaika tsiku loyembekezera yankho. Ngati bungwe lafunsadi mitengo kwina, si kulakwa kutero mwaulemu. Zonse zomwe agwirizana pafoni zimayenera kubweranso polemba, dipoziti isanatuluke.